Kulemba Mawu Oyankhulidwa m'Phunziro la Kanema Lochokera ku Masilaidi: Nthawi, Mapumidwe ndi Katchulidwe ka Chichewa

1.0 Mawu Otsogolera

Kuyambira m'chaka cha 2020, pamene mliri wa korona unatseketsa sukulu m'maiko a chigawo chathu chino, aphunzitsi ambiri a ziyankhulo anakakamizika kusandutsa maphunziro awo a m'kalasi kukhala makanema oti ophunzira aonere ali kwawo. Ambiri mwa aphunzitsiwo anali nawo kale masilaidi amene ankaonetsa pakhoma pophunzitsa, kotero chimene chinatsala chinali kujambulirapo mawu. Ntchitoyi imaoneka yopepuka kwa amene sanaigwirepo. Koma ife titamvera kanema wathu woyamba, tinapeza kuti tinayankhula mothamanga, tinafunsa mafunso n'kuwayankha tokha wophunzira asanatsegule pakamwa, ndipo mawu oyamba a masilaidi ena anadukiratu.

Cholinga cha pepala lino ndi kulongosola m'mene timalembera mawu amene woyankhula amawerenga pojambula, pamodzi ndi zizindikiro zomuuza pamene ayenera kupuma. Pepala lotere anthu a pa wailesi amalitcha sikiriputi, ndipo nafenso tigwiritsa ntchito dzina lomwelo. Mfundo yathu yaikulu ndi yakuti malamulo ambiri olembera sikiriputi anapangidwa ndi anthu oyankhula Chingerezi, ndipo ena mwa malamulowo sagwirizana ndi kapangidwe ka Chichewa. Tiona zinthu zinayi: kusiyana kwa mawu a pa silaidi ndi mawu oyankhulidwa, kayezedwe ka nthawi, mitundu ya mapumidwe, ndi malo amene Chichewa chimalola munthu kupumirapo. Kenaka tidzatenga silaidi imodzi ya phunziro la magulu a mayina ndi kuilembera sikiriputi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

2.0 Mawu a pa Silaidi ndi Mawu Oyankhulidwa

Silaidi imene inakonzedwera kalasi imadalira kuti mphunzitsi ali pomwepo. Iye amaloza ndi dzanja, amayang'ana nkhope za ophunzira, ndipo akaona kuti asokonezeka amabwereza. M'kanema zonsezi mulibe. Choncho ntchito yoyamba ya wolemba sikiriputi ndi kufufuza zonse zimene dzanja ndi maso a mphunzitsi zinkachita, ndi kuzisandutsa mawu kapena kupuma.

Chitsanzo choonekeratu ndi mawu oloza monga apa, ichi, icho ndi uku. M'kalasi, chiganizo chakuti "onani apa" chimamveka chifukwa chala chili pa bolodi. M'kanema wophunzira amangoyendetsa maso pa silaidi yonse kufunafuna "apa" ameneyo, ndipo pomwe akumupeza woyankhula amakhala atapita patsogolo. M'sikiriputi timalemba malo enieniwo: "mzere woyamba", "mawu a kumanzere", "dzina lolembedwa mofiira".

Chachiwiri, sikiriputi si kuwerenga zolembedwa pa silaidi. Richard Mayer, amene buku lake lonena za kuphunzira kudzera m'zithunzi ndi mawu linatuluka koyamba mu 2001, anaonetsa kuti wophunzira amene akuona chithunzi, kumva mawu, ndi kuwerenganso mawu omwewo nthawi imodzi amalemedwa, popeza maso ake amagawikana. Maso amawerenga mofulumira kuposa pakamwa, motero wophunzira amatsiriza mzere woyankhula akadali pakati. Komabe m'phunziro la chiyankhulo lamuloli lili ndi malire. Ziganizo za chitsanzo timaziwerenga monga momwe zalembedwera, chifukwa wophunzira afunika kugwirizanitsa malembo ndi katchulidwe. Chimene sitibwereza ndi mawu ofotokozera. Ngati silaidi yalembedwa kuti "Mgwirizanitsi wa mwininkhani amatsata gulu la dzina", woyankhula anene mfundo yomweyo m'mawu ena afupiafupi, monga akucheza ndi munthu mmodzi.

Chachitatu, chilichonse chimene chingawerengedwe m'njira ziwiri chiyenera kulembedwa m'njira imodzi yokha. Pa silaidi pangalembedwe kuti "gulu 7", monga akatswiri amatchulira gulu la Chi- potsata manambala a Bleek ndi Meinhof. Woyankhula wina adzati "gulu seveni", pamene wina adzati "gulu lachisanu ndi chiwiri". Zonse n'zololedwa, koma loyamba lili ndi maphatikizo 5 ndipo lachiwiri lili ndi 10. Wolemba asankhe chimodzi, achilembe m'mawu, ndipo asachisinthe mpaka phunziro lithe.

Chimodzimodzinso ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Kalembedwe ka Chichewa sikaonetsa zimenezi, ngakhale zimasiyanitsa matanthauzo. Mawu akuti mténgo, okwera pa -te-, ndi chomera, pamene mtengo, otsika ponseponse, ndi ndalama zogulira chinthu. Mneni ndináfotokoza amanena za kale, pamene ndinafótokoza amanena za posachedwapa. Pokamba nkhani, mawu oyandikana nawo amatithandiza kudziwa tanthauzo. Koma chiganizo cha chitsanzo chimaima pachokha, ndipo wowerenga akhoza kusankha katchulidwe kolakwika osazindikira. Motero m'sikiriputi timaika kachizindikiro pamwamba pa lembo la liwu lokwera, m'mawu okhawo amene angasokoneze.

3.0 Kayezedwe ka Nthawi

Alangizi a zojambula mawu m'Chingerezi amakonda kunena kuti munthu amawerenga mawu pafupifupi 150 pa mphindi imodzi. Lamuloli limathandiza kudziwa kutalika kwa kanema asanajambulidwe. Koma "mawu" amene akunenedwawo ndi zidutswa za malembo zolekanitsidwa ndi mipata papepala, ndipo malo a mipatayo amadalira mwambo wa kalembedwe ka chiyankhulo chilichonse. Tiyeni tiyerekeze ziganizo zitatu za tanthauzo lofanana:

(1) Chitswana: ke a ba rata
(2) Chizulu: ngiyabathanda
(3) Chichewa: ndimawakonda

Chiganizo cha Chitswana chalembedwa ngati mawu anayi chifukwa kalembedwe kake kamalekanitsa aphatikiri ndi tsinde la mneni. Cha Chizulu ndi cha Chichewa chalembedwa ngati liwu limodzi chifukwa kalembedwe kake n'kophatikiza. Koma ziganizo zonse zitatu zili ndi maphatikizo asanu, ndipo pakamwa zimatenga nthawi yosasiyana kwenikweni. Apa n'zoonekeratu kuti kuwerenga mawu sikungatiuze nthawi. Muyeso wodalirika m'ziyankhulo zathu ndi phatikizo.

Mwamwayi, kuwerenga maphatikizo a Chichewa n'kosavuta. Pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, kotero tikawerenga a, e, i, o ndi u tapeza chiwerengero cha maphatikizo. Chofunika kuonjezera ndi m amene amaima payekha ngati phatikizo, monga m'mawu akuti m-te-ngo, m-ne-ni ndi m'-nyu-mba. Iyeyu ndi mu- amene u wake anagwa. Si m aliyense woyambirira amene ali wotere. Njira yomuzindikirira m'mayina ndi kuchulukitsa dzinalo: mphika amakhala miphika, choncho m wake ndi phatikizo ndipo dzinali lili ndi maphatikizo atatu, mphepo sisintha pochuluka, choncho mph ndi chiyambi chabe cha phatikizo ndipo dzinali lili ndi awiri.

Tikadziwa kuwerenga maphatikizo, chotsatira ndi kuyeza liwiro la munthu amene adzawerenge sikiriputiyo. Sitibwereka liwiro la munthu wina, chifukwa anthu amasiyana. Timamupatsa ndime ya sikiriputi yomweyo, naiwerenga monga adzachitire pojambula, ife tikuyang'ana wotchi. Tiyerekeze kuti wawerenga maphatikizo 240 m'masekondi 60. Ndiye kuti liwiro lake ndi maphatikizo 4 pa sekondi, ndipo nambala imeneyi ndiyo tidzagwiritsa ntchito m'pepala lonse lino. Ndi bwino kuyeza kawiri, chifukwa ulendo woyamba munthu amathamanga ndi mantha.

Anzathu ogwira ntchito pa Chibemba kapena Chiyawo asamale pa mfundo imodzi. M'ziyankhulo zimenezi kutalika kwa lembo la liwu kumasiyanitsa matanthauzo, ndipo phatikizo lalitali limatenga nthawi yochulukirapo. Iwo ayenera kuwerenga phatikizo lotero ngati awiri. M'Chichewa vutoli mulibe, popeza kutalika kwa phatikizo kumadza chifukwa cha malo ake m'chiganizo, monga tidzaonera m'gawo 5.0.

4.0 Mitundu ya Mapumidwe

Mpumiro ndi mpatuliro zimauza wowerenga kuti apume, koma sizimuuza chifukwa chake kapena kutalika kwake. Munthu amene ali yekha patsogolo pa maikolofoni amaona sekondi imodzi ya chete ngati nthawi yaitali, ndipo amaidula. N'chifukwa chake kupuma kulikonse kwakukulu timakulemba ndi dzina ndi nambala ya masekondi, ndipo woyankhula amawerenga masekondiwo chamumtima. Ife timasiyanitsa mitundu isanu.

Mtundu woyamba ndi kupuma kwa mpweya, kumene timakuonetsa ndi kamzere kopendama. Kumatenga pafupifupi theka la sekondi, ndipo kumagawa chiganizo m'zigawo zomveka.

Mtundu wachiwiri ndi kupuma koti wophunzira aone, kumene timalemba [ONA] ndi nambala. Silaidi yatsopano ikaoneka, maso amathamangira kumeneko ndipo makutu amatsalira. Woyankhula akayamba nthawi yomweyo, chiganizo chake choyamba chimatayika. Silaidi ya mutu wokha imafuna sekondi imodzi kapena ziwiri. Ya mizere ingapo imafuna atatu kapena kuposerapo. Njira yoyezera ndi kuiwerenga silaidiyo chamumtima modekha, monga munthu amene akuiona koyamba.

Mtundu wachitatu ndi kupuma koti wophunzira abwereze, [BWEREZA]. Kutalika kwake kumachokera ku kutalika kwa chiganizo chobwerezedwacho. Ife timatenga nthawi imene woyankhula watenga, n'kuichulukitsa kawiri chifukwa wophunzira amatchula pang'onopang'ono, n'kuonjezera theka la sekondi loti ayambire. Chiganizo cha maphatikizo 5 chimatenga sekondi imodzi ndi kota kwa woyankhula wathu. Kawiri ndi masekondi awiri ndi theka. Kuonjezera theka ndi masekondi atatu.

Mtundu wachinayi ndi kupuma koti wophunzira ayankhe, [YANKHA]. Uku n'kumene aphunzitsi amakuchepetsa kwambiri. Kafukufuku wa Mary Budd Rowe wa m'zaka zoyambirira za m'ma 1970 anapeza kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndiponso kuti akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo mayankho a ophunzira amatalika ndi kuwongokera. Kafukufukuyo anachitika m'makalasi a sayansi ku Amereka, osati m'makanema, koma amatipatsa poyambira. Timapereka masekondi atatu a kuganiza, n'kuonjezera nthawi yonenera yankholo monga tawerengera pamwambapa. Pambuyo pake woyankhula anene yankho lolondola, ndipo apumenso kuti wophunzira alibwereze. Ndondomeko imeneyi ya funso, yankho la wophunzira, yankho lolondola ndi kubwereza si yatsopano. Inkagwiritsidwa ntchito pa matepi a m'zipinda zophunziriramo ziyankhulo m'zaka za m'ma 1960. Ngati ntchito yopatsidwa ikufuna masekondi opitirira khumi, monga kulemba ziganizo m'kope, sitisiya chete wautali chotero. Timauza wophunzira kuti aimitse kanemayo, ndipo timangopuma masekondi atatu oti dzanja lake lifike pa batani.

Mtundu wachisanu ndi kupuma kwa makina, [CHETE], kumene kumatsogolera chizindikiro cha [SINTHA]. Pulogalamu ya PowerPoint, pojambula ndi `Record Slide Show`, imasunga mawu a silaidi iliyonse payokha, ndipo sijambula mawu pa nthawi imene silaidi ina ikuchoka ndi ina ikubwera. Amene amasintha silaidi ali pakati pa chiganizo amataya maphatikizo angapo. Choncho chiganizo chilichonse chithere pa silaidi yake, woyankhula akhale chete sekondi imodzi, ndiyeno asinthe. Ubwino wa kasungidwe kameneka ndi wakuti silaidi imodzi ikalakwika timaijambulanso yokhayo.

5.0 Malo Amene Chichewa Chimalola Kupuma

Funso lotsatira ndi lakuti kamzere kopendama kaikidwe pati. Apa m'pamene chidziwitso cha katswiri wa chiyankhulo chimafunika. Oyankhula Chichewa amagawa chiganizo m'zigawo za katchulidwe, ndipo chizindikiro chachikulu cha mapeto a chigawo ndi kutalika kwa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Jonni Kanerva analongosola zimenezi mwatsatanetsatane mu 1990, ndipo Laura Downing ndi Al Mtenje anazifotokozanso m'buku lawo la katchulidwe ka Chichewa la 2017. Yerekezani:

(4) Anamanga nyumbá ya udzu.
(5) Anamanga nyuúmba.

M'chiganizo (4) dzina lakuti nyumba lili pakati pa chigawo. Nyu- ndi wamfupi ndipo liwu lokwera lili pa -mba. M'chiganizo (5) dzinalo lili kumapeto; nyu- watalika ndipo liwu lokwera labwerera pa iye. Izi zikutanthauza kuti kupuma kwa Chichewa kumayamba chete asanafike. Khutu la womvera limamva phatikizo likutalika, n'kudziwiratu kuti chigawo chikutha.

Mfundo imeneyi ili ndi zotsatira ziwiri pa ntchito yathu. Choyamba, kupuma sikungaikidwe pakati pa chigawo mawu atajambulidwa kale. Wokonza kanema akadula chiganizo (4) pambuyo pa nyumbá n'kuikapo sekondi ya chete, womvera amamva ngati makina adula, chifukwa phatikizo silinatalike. Akachotsa chete amene woyankhula anasiya, kutalika kwa phatikizo kumatsala, ndipo chiganizo chimamveka chotsimphina. Chimene wokonza angachite popanda kuononga ndi kutalikitsa kapena kufupikitsa chete amene alipo kale pamalire a chigawo. Motero malo onse opumira ayenera kusankhidwa papepala, kujambula kusanayambe.

Chachiwiri, malo a kupuma amakhudza tanthauzo. Onani ziganizo izi:

(6) Ana amene anafika mochedwa / anabwezedwa.
(7) Ana, / amene anafika mochedwa, / anabwezedwa.

M'chiganizo (6) abwezedwa ndi ana ochedwa okha, ena analowa. M'chiganizo (7) ana onse anachedwa ndipo onse anabwezedwa. Wowerenga amene watha mpweya n'kupuma pambuyo pa ana wasintha nkhani yonse.

Kuchokera pa zimenezi timatsata malangizo awa. M'pololedwa kupuma pambuyo pa mwininkhani, makamaka akakhala wamtali, ndiponso pambuyo pa nthambi yoyamba ya chiganizo, monga yokhala ndi -ka- kapena -ta-. Sitipuma pakati pa dzina ndi mawu olifotokoza, monga pakati pa nyumba ndi ya udzu, kapena pakati pa ndi, kwa, mpaka ndi dzina lotsatira. Pakati pa mneni ndi pamtherankhani wake sitipumanso kawirikawiri, chifukwa kutero kumamveka ngati tikutsindika mneniyo. Chigawo chimodzi chisapitirire maphatikizo 20, ndiwo masekondi asanu kwa woyankhula wathu. Chikapitirira ndipo mulibe malo oyenera kupumira, chofunika ndi kulembanso chiganizocho.

6.0 Chitsanzo: Silaidi ya Magulu a Mu-Mi ndi Chi-Zi

Tsopano titenge silaidi yachitatu ya phunziro lophunzitsa Chichewa kwa anthu oyankhula ziyankhulo zina. Pa silaidiyo pali mizere inayi: Mtengo wagwa, Mitengo yagwa, Chipatso chagwa, Zipatso zagwa. Tisanalembe kanthu timadzifunsa kuti wophunzira achoke ndi chiyani pa silaidi imeneyi. Yankho ndi limodzi: dzina likachuluka, mgwirizanitsi wa pa mneni amasintha. Chilichonse chosathandiza mfundoyo chimasiyidwa.

Nthawi yomweyo tikupeza zovuta ziwiri. Choyamba, tikufuna kufunsa wophunzira kuchuluka kwa chipatso chagwa, koma yankho lili kale pa silaidi. M'kalasi mphunzitsi ankaliphimba ndi thupi lake kapena ankangofunsa atazimitsa chithunzi. M'kanema tiyenera kuubisa mzere wachinayi ndi `Appear`, kuti uoneke pokhapokha woyankhula akadina, ndipo kudinako kulembedwe m'sikiriputi. Chachiwiri, mtengo wagwa angamveke ngati nkhani ya kumsika. Popeza tikunena za chomera, tiika chizindikiro cha liwu lokwera. Sikiriputi yake ndi iyi:

[SILAIDI 3] [ONA 3]
(a) Yang'anani mzere woyamba. [ONA 2]
(b) Dzina ndi mténgo, / mneni ndi wagwa. /
(c) Miténgo ikachuluka, / mneni amasintha. /
(d) Mverani: / miténgo yagwa. [BWEREZA 3]
(e) Tsopano chipatso chagwa. / Zikachuluka, / tinena bwanji? [YANKHA 6] [DINA]
(f) Zipatso zagwa. [BWEREZA 3]
[CHETE 1] [SINTHA]

Tiwerenge maphatikizo. Mzere (a) uli ndi 10, popeza m wa mzere ndi phatikizo. Mzere (b) uli ndi 12, (c) uli ndi 15, ndipo (d) uli ndi 8, popeza mve- wa mverani ndi phatikizo limodzi. Mzere (e) uli ndi 18 ndipo (f) uli ndi 5. Onse pamodzi ndi 68. Tikagawa 68 ndi 4 tikupeza masekondi 17 a kuyankhula. Timizere topendama tilipo 7, ndiwo masekondi atatu ndi theka. Mapumidwe aakulu ndi 3, 2, 3, 6, 3 ndi 1, ndiwo masekondi 18. [YANKHA 6] wachokera pa masekondi atatu a kuganiza ndi atatu a kunena chiganizo cha maphatikizo 5. Silaidi yonse ikutenga masekondi 38 ndi theka.

Pali zinthu ziwiri zoti tizione pa zotsatirazi. Choyamba, mizere isanu ndi umodziyi ili ndi mawu 24 okha. Tikanatsata lamulo la mawu 150 pa mphindi tikanaganiza kuti kuyankhulako kutenga masekondi osakwana 10, pamene kukutenga 17. Mphunzitsi amene wapatsidwa mphindi zisanu ndi imodzi za kanema, nalemba mawu 900 potsata lamulo la Chingerezi, adzapeza kuti kuyankhula kokha kwapitirira mphindi khumi, ndipo adzayesa kukonza zimenezi pothamanga ndi pochotsa mapumidwe. Chachiwiri, masekondi 21 ndi theka mwa 38 ndi theka ndi a chete. Zimenezi zisatidabwitse. Pa silaidi yoyeserera, nthawi ya chete ndiyo nthawi imene wophunzira akugwira ntchito. Pa silaidi yongofotokoza, chete amakhala wochepa.

Sikiriputi ya silaidi iliyonse timaiika m'malo a `Notes` a silaidiyo, kuti woyankhula aziiona pojambula, ndiponso kuti isasochere masilaidi akasinthidwa malo. Chigawo chilichonse chiyambe pa mzere wake, kuti maso asafike kumapeto a mzere chigawo chisanathe, chifukwa pamenepo wowerenga amapuma mosafuna.

7.0 Kuzindikira Zolakwika

Tikajambula, timayesa ntchitoyo m'njira zitatu. Yoyamba ndi kuyerekeza nthawi yeniyeni ndi imene tinawerengera. Silaidi yathu ikatuluka ya masekondi 30, pafupifupi nthawi zonse chimene chachitika n'chakuti woyankhula wadula mapumidwe. Tikatsegula mawuwo m'pulogalamu ngati Audacity, malo a chete amaoneka ngati mzere wowongoka, ndipo tingathe kuyeza ngati [YANKHA 6] wakwanadi masekondi asanu ndi limodzi. Popeza chete ameneyu ali pamalire a chigawo, tingathe kumutalikitsa popanda kujambulanso.

Njira yachiwiri ndi kumvetsera osayang'ana silaidi. Apa m'pamene timagwira mawu oloza amene analowa mozemba, maphatikizo oduka kumayambiriro a silaidi, ndi katchulidwe kolakwika ka mawu ngati mténgo. Timamveranso kayankhulidwe ka munthu wowerenga mndandanda, kumene liwu lililonse limatalikitsidwa ngati lili kumapeto. Chizindikiro chake ndi chakuti chiganizo cha mawu anayi chimamveka ngati ziganizo zinayi. Mankhwala ake ndi kuchotsa timizere tosafunika ndi kupempha woyankhula kuti aone chigawo chonse asanayambe kuchitchula.

Njira yachitatu ndiyo yofunika kuposa zonse: kupatsa kanemayo wophunzira mmodzi wa msinkhu woyenera, ife n'kukhala pambali osanena kanthu. Akayankha ndipo liwu la woyankhula n'kumudula, kupumako kwachepa. Akayankha n'kuyamba kuyang'ana kwina, kwachuluka. Akabweza kanema m'mbuyo pamalo amodzi kawiri, ndiye kuti chiganizo cha pamenepo n'chachitali kapena [ONA] wake wachepa. Manambala onse amene tapereka m'pepala lino ndi poyambira chabe, ndipo wophunzira ameneyu ndiye amawawongola.

8.0 Mawu Omaliza

Taona kuti sikiriputi ya Chichewa iyenera kuyezedwa ndi maphatikizo, kuti kupuma kulikonse kwakukulu kulembedwe ndi cholinga chake ndi masekondi ake, ndiponso kuti malo opumira asankhidwe potsata zigawo za katchulidwe kujambula kusanayambe. Njirayi ili ndi malire ake. Chete wolembedwa ndi wofanana kwa onse, pamene ophunzira amasiyana liwiro. Komanso kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasiyanako pakati pa oyankhula a ku Kasungu, a ku Ntcheu ndi a ku Chipata, kotero zizindikiro za m'sikiriputi ziyenera kutsata kayankhulidwe ka amene adzawerenge. Tikupempha anzathu ogwira ntchito pa Chishona, Chitumbuka, Chitswana ndi ziyankhulo zina za chigawo chino kuti ayeze liwiro la owerenga awo, ndi kufufuza zizindikiro za mapeto a chigawo m'ziyankhulo zawo, kuti pa msonkhano wotsatira tidzathe kuyerekeza zimene tapeza.